Kakalata ka a Maoda

Lachisanu masana abwana anasuzumira mu ofesi ya maoda, dzanja limodzi lili pachitseko, lina likuseweretsa makiyi a galimoto.

"Make Nunu, paja Lolemba muli kusikelo?"

"Eya, abwana. Ndi tsiku la katemera. Koma ndibwerako msanga."

"A Maoda akubwerako kutchuti Lolemba lomwelo, ndipo oda ikuyenera kutuluka m'mawa. Muwalembere kakalata. Kachidule, osati buku. Adziwe mmene mwaukonzera mndandanda wa mitengo, kolamu iyi n'chiyani, iyi n'chiyani, basi."

Anatembenuka ngati akupita, kenako anabwereranso.

"Paja ndinanena kale kuti desiki imeneyi ikufuna munthu mmodzi. Mwezi ukamatha ndikhala nditadziwa amene akuutha mndandandawu. Winayo apita kukauntala."

Chitseko chitatsekeka, Make Nunu anakhala akuyang'ana mpando wa a Maoda. Unali wotsitsidwa mpaka pansi, uli ndi kapilo kophwatalala komwe mayiwo ankatsamira msana. Kukauntala ankakudziwa bwino. Munthu umaima tsiku lonse, kuwerenga misomali ndi kukangana ndi amisiri, Loweruka lililonse uli pantchito, ndipo umaweruka ena onse atafika kale kwawo. Malipiro akenso ndi ochepa. Kwa mayi woyamwitsa, kunali kovuta. Kwa a Maoda, omwe maondo awo ankalira akamakwera kasitepe ka pakhomo, sanafune n'kuganiza komwe.

Sitolo yawo inali ya zipangizo zomangira nyumba: utoto, misomali, maloko, mapaipi, mabulashi. A Maoda anali atakhala pa desiki yooda katundu kwa zaka zambiri, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Mndandanda wakale anaupanga okha, Make Nunu akadali pasukulu. Unkayenda mmene mashelefu akusitoko, kosungira katundu, amayendera: kuyamba ndi misomali ya pakhomo, kumalizira utoto wa kukona yamdima. Mtengo unali m'kolamu imodzi yokha. Koma mtengowo pena unali wa katoni yonse, pena wa chinthu chimodzi, pena msonkho uli momwemo, pena ayi. Amene ankadziwa kuti uwu ndi uti anali eni ake okha.

Ndiye a Maoda anapempha tchuti, akuti kukadwazika mchemwali wawo. Abwana anayesa kuoda okha, anasokonezeka, anatsala pang'ono kusiya sapulaya wotchipa chifukwa choyerekeza mtengo wa dazeni ndi mtengo wa loko mmodzi. Anatuluka thukuta, n'kuitana Make Nunu. "Inu mumaidziwa kompyuta. Tandikonzerani chisokonezochi."

Make Nunu akanatha kunena kuti tidikire eni ake abwere. Mawuwo anafika pakamwa ndithu. Koma chimene chinatuluka chinali "chabwino, abwana", mwachangu ngati mwana amene waitanidwa kukalandira mphatso. Ndipo ntchitoyo anaikonda. Anasanja katundu yense motsata manambala, anagawa mtengo umodzi uja m'makolamu awiri, anaika poti kompyuta izidziwerengera yokha. Abwana ataona anati, "Izi ndiye zinthu," ndipo iye anamwetulira ulendo wonse wa pabasi.

Panali chinthu chimodzi chomwe abwana sankadziwa. Make Nunu anali munthu woyang'anitsitsa. Kunyumba ankadzuka kukaika chala pamphuno pa Nunu kuti amve ngati akupuma, ndipo kuntchito maso ake sankapumanso. Anali ataona kuti a Maoda akapatsidwa pepala amayamba aliika patali, kenako pafupi, kenako amavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Anali ataona kuti amatsetsereza rula pamndandanda milomo ikugwedera, akuwerenga mizere, osati mawu. Ndipo kangapo pa tsiku ankamva kuti, "Mwana wanga, tandiwerengere kanambala aka, inki ya anthu awa njotuwa." Inkiyo inkakhala yakuda bii.

Mndandanda wakale a Maoda sankauwerenga ndi maso. Ankauyenda ngati mmene munthu amayendera m'nyumba mwake magetsi atazima. Tsopano Make Nunu anali atasuntha mipando yonse ya m'nyumbamo.

Lachisanulo, abwana atatuluka, anatsegula tsamba loyera pakompyuta. Analemba:

"Amayi, takulandirani. Mndandanda wa mitengo wasintha. Tsopano ukutsata manambala a katundu. Mutu wa kolamu iliyonse uli pamwamba. Oda muzilemba mu J. Zikomo."

Anawerenga kawiri. Munalibe bodza. Kanali kachidule monga ananenera abwana. Kankangosowa chinthu chimodzi. Kale a Maoda ankalemba kuchuluka kwa zinthu chimodzichimodzi, n'kuimbira foni akalaliki a masapulaya, omwe ankawadziwa, ndipo iwowo ankasintha okha kukhala madazeni ndi makatoni. Tsopano zolembedwa mu J zinkapita pafomu ya oda mmene zilili, ndipo J inkawerenga madazeni ndi makatoni. Munthu wofuna mabulashi 24 akalemba 24, galimoto idzatsitsa madazeni 24. Mutu wa kolamuyo unkanena zimenezi ndithu, m'tizilembo tating'ono ngati nyerere.

Anadina kuti pulinta itulutse. Kapepalako kanatuluka kofunda. Anakapanikiza ndi kiyibodi, kansonga kakuonekera, n'kutenga chikwama chake. Pachitseko anabwerera kukaona ngati wazimitsa fani. Anali atazimitsa.

Atafika kunyumba anapeza bambo a Nunu atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, akumudyetsa phala lomwe lambiri linali m'tsaya. Bambowo ankagwira maganyu oika mawaya amagetsi, ndipo sabata imeneyo foni yawo inali isanalire.

"Abwana a kompyuta afika," anatero. "Nunu, imirira upereke ulemu."

"Mwamuveka chipewa kukutentha chonchi?"

"Dzulo unandikalipira kuti ndamusiya mutu uli pamtunda. Lero chipewa chalakwanso. Ine ndiye ndilowere kuti?"

Make Nunu anamunyamula mwanayo, n'kumugwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, kenako pakhosi. Sanatenthe. Anamuvula chipewacho n'kuchigwira m'manja. Chinali choluka ndi ulusi, mphatso ya a Maoda Nunu atangobadwa. M'munsi chinali chabuluu wakuda, koma chapakati ulusi unasintha n'kukhala wakuda weniweni, mpaka kunsonga. Tsiku limene ankachipereka anati, "Chabuluu chokhachokha, cha mwana wamwamuna." Make Nunu anathokoza, za ulusi wakudawo osatchula.

"Chipewa cha matimu awiri," anatero bambo a Nunu. "Mwanayu adzakula osadziwa kochemerera."

Iye sanaseke. Atamusambitsa mwana, anawauza bambowo za desiki, za kauntala ndi za kakalata. Za maso sananene.

"Wawalembera?"

"Ndawalembera."

"Wanama?"

"Ayi."

"Ndiye nkhope yagwa chifukwa chiyani? Si iwe unalamula kuti desiki ikhale ya munthu mmodzi. Ukapita kukauntala, uyu aziyamwa kwa ine?"

"Sindikuti ndipite kukauntala."

"Nanga ukuti chiyani?"

Make Nunu analowa ndi mwana kuchipinda. Anakhala pamphepete pa bedi akuyamwitsa, maso ali pakhoma pomwe utoto unatupa ndi chinyezi. Ankaona a Maoda ataima pachitseko cha kachipinda ka mafayilo, manja ali m'chiuno, kuletsa amuna kulowa pamene iye akukama mkaka m'botolo. "Muli msonkhano wa azimayi muno, pitani mukazungulire." Ankaonanso tsiku lija Nunu anatentha thupi, iye n'kuthawa pantchito osatsanzika, a Maoda n'kuuza abwana kuti amutuma okha kwa sapulaya wa mapaipi. Nunu anasiya bere n'kumuyang'ana, mkaka uli pachibwano, ngati akudikira yankho nayenso.

Loweruka silinali tsiku lake la ntchito. Koma m'mawa anabereka mwana kumbuyo, n'kuuza bambo a Nunu kuti waiwala khadi la kusikelo m'dirowa ya ku ofesi. Khadilo linali m'chikwama chake.

Analowera khomo lakumbuyo. Mkulu woyang'anira sitoko, yemwe onse ankangomuti a Sitoko, anali atakwera pamakwerero akusanja zitini.

"Mlamu, Loweruka? Kapena mwabweretsa wantchito watsopano? Ameneyo timuike ku simenti."

"Sanayambe n'kukwawa komwe."

"Ndiye ndi wa mu ofesi ameneyo. Kumeneko n'kumene kuli anthu osayenda."

"A Sitoko, mashelefuwa ali ndi manambala?"

"Anali nawo. Ena anafufutika. Bwanji, abwana akufuna kuwagulitsanso?"

Anawapempha maka yolembera makatoni. Anayenda kuchokera pakhomo mpaka kukona ya utoto, mndandanda wakale uli m'manja, akulemba nambala pashelefu iliyonse pomwe yakale inafufutika. Nunu ankakoka chilichonse chomwe dzanja lake lafikira, ndipo kawiri konse anamulanda kapaketi ka zomangira. Fumbi la simenti linamuyetsemulitsa, mayi ake n'kumupukuta mphuno, koma anapitiriza.

Mu ofesi anayala nsalu pansi n'kumukhazika mwanayo, n'kumupatsa chivundikiro cha bokosi kuti azimenya. Anawonjezera kolamu yatsopano kumapeto, K, n'kulembamo nambala ya shelefu ya katundu aliyense. Sizinavute kwambiri, poti mndandanda wakale unali kale m'dongosolo limenelo. Atamaliza anauza kompyuta kuti isanje motsata K, ndipo m'kati mwa shelefu iliyonse motsata nambala ya katundu. Misomali inakwera pamwamba. Utoto unatsikira pansi. Makolamu onse atsopano anali pomwepo, koma nyumba ija inali itabwerera pafupifupi mmene eni ake anaisiyira. Kolamu ya J anaipaka chikasu chowala. Kenako anakulitsa zilembo za pasikirini, anakulitsanso, mpaka mizere yochepa yokha ndiyo inkaoneka.

Kapepala ka dzulo anakasolola pansi pa kiyibodi n'kukaponya m'basiketi ya mapepala osakayang'ana. Anachotsa pakhoma kalendala ya chaka chatha, n'kung'amba tsamba limodzi lalikulu. Kuseri kwake kunali koyera. Analemba ndi maka ija, chilembo chilichonse chachikulu ngati chala chamanthu.

"AMAYI, takulandirani. Mndandanda ndaukonza mwina, koma katundu akutsatana monga kale, kuyambira misomali mpaka utoto. Katundu amene timagula kwa masapulaya angapo ali ndi mzere wake kwa sapulaya aliyense, mizereyo njogundizana.

A: nambala yathu ya katundu.
B: dzina lake.
C: sapulaya.
D: mmene amagulitsira: katoni, dazeni, chitini, thumba.
E: m'kati mwa D muli zingati.
F: mtengo wa D yense, msonkho usanalowe. Ndi umene umaoneka pa invoisi yawo.
G: mtengo wa chinthu chimodzi, msonkho uli momwemo. Poyerekeza masapulaya yang'anani G, osati F. Musalembemo, imadziwerengera yokha.
H: oda yochepetsetsa imene amalola.
I: tsiku limene anatipatsa mtengowo. Likakhala lakale, aimbireni kaye.
J, YACHIKASU: oda yathu. MULEMBE MADAZENI KAPENA MAKATONI, OSATI CHIMODZICHIMODZI. Mabulashi 24 ndi madazeni awiri, ndiye mulembe 2.
K: shelefu.

Ndifika ndikachoka kusikelo. Make Nunu."

Tsamba linadzaza mpaka m'mphepete, mawu omaliza anachita kupendekeka. Anafuna kuwonjezera kuti pepani. Anagwira maka m'mwamba kwa kanthawi, koma malo panalibe, ndipo sanadziwe kuti akanati pepani chifukwa cha chiyani popanda kutchula zinazo. Analiika pa desiki, n'kulitsindika ndi rula ya a Maoda.

Pobwerera pabasi mtima unali m'malo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Anafika mpaka pomugulira Nunu kachidole kolira pamsewu. Koma potsika basi mantha ena anabwera: nanga a Maoda akautha mndandandawo, iye adzawauza chiyani bambo a Nunu?

Lolemba kusikelo mzere unali wautali. Ankangotulutsa foni n'kuibweza. Namwino atabaya Nunu pantchafu, mwanayo analira mokoka mpweya, ndipo mayi ake analira naye pang'ono, namwino n'kumuseka kuti, "Tabaya mmodzi, olira awiri." Sanafune kumusiya kunyumba thupi lisanadziwike mmene litachitire, choncho anapita naye kuntchito.

Anapeza a Maoda ali pampando wawo wotsika, nkhope ili pafupi ndi sikirini, tsamba la kalendala lili pamiyendo. Anali ataonda pang'ono.

"Wabwera ndi mwamuna wanga?" anatero osatembenuka. "Ndamumva fungo. Bwera naye kuno. Amubaya mbali iti, ndisamugunde?"

"Kumanzere. Mwayenda bwanji, amayi? Odwala ali bwanji?"

"Ali bwino, ali bwino." Anamulandira mwanayo n'kumukhazika pabondo. "Iwe, nyumba yanga waisesa mpaka kudenga. Ndinalowa muno mtima uli phaphapha, a Sitoko atandiuza kuti zonse zasintha. Koma ndayenda nayo. Oda ndamaliza. Taona ngati sindinagule sitolo yonse ya eni ake."

Make Nunu anawerama n'kutsika ndi kolamu yachikasu. Mabulashi, 2. Maloko, madazeni atatu, kwa sapulaya yemwe G yake inali yotsika. Sandipepa, katoni imodzi. Pa utoto woyera anali atalemba zitini zokwana ndendende oda yochepetsetsa. Panalibe cholakwika.

"Zili bwino zonse, amayi."

"G ija ndiye yandisangalatsa. Zaka zonsezi ndimagawa m'mutu."

Pomwepo abwana analowa, fomu ya oda ili m'manja, atangoitenga pa pulinta. Anaiwerenga ataima, akugwedeza mutu.

"A Maoda, mwabwera ndi mphamvu. Ndimaganiza kuti lero tikhala pano mpaka madzulo." Anasaina patsinde pa fomuyo atatsamira desiki. Akuweramuka, maso awo anagwera patsamba la kalendala, lomwe a Maoda anali ataliika pambali kuti Nunu asaling'ambe. Analinyamula n'kuseka.

"Make Nunu, ndinati kakalata, osati chikwangwani cha pamsewu. Ichi munthu angawerenge ali tsidya lina."

"Pulinta inavuta, abwana."

"Iyi yomwe yanditulutsira fomuyi?"

"Loweruka inavuta."

"Loweruka munali kuno?"

Abwana anali akumwetulirabe, koma maso awo anachoka patsambalo n'kupita pasikirini, pomwe mawu akuti MABULASHI anali atatenga theka la galasi. Anayang'ana kolamu yachikasu. Anayang'ana rula. Kenako anayang'ana a Maoda, ndipo kumwetulira kuja kunatha pang'onopang'ono.

Anatenga invoisi yomwe inali pamwamba pa thireyi, ya sapulaya wa maloko, ya tizilembo tating'ono.

"A Maoda, tandithandizani. Mtengo wa mzere wachiwiriwu ukugwirizana ndi F?"

A Maoda analandira pepalalo ndi dzanja limodzi, linalo litagwira Nunu pamimba. Analiika patali. Analibweretsa pafupi. Make Nunu ankatha kuiona nambalayo ali pomwe anaima, ndipo milomo yake inayamba kuipanga mwakachetechete, koma a Maoda sanamuyang'ane. Dzanja lawo linapita kumagalasi ngati akufuna kuwavula, kenako linabwerera. Anaika invoisiyo pa desiki.

"Ndi ng'ala, abwana. Maso onse awiri. Mchemwali wanga sakudwala, ali bwinobwino, akulima. Ndinapita kwa iye chifukwa amakhala pafupi ndi chipatala cha maso. Andiyeza, andilemba pamzere wa opaleshoni. Akuti adzandiitana."

"Liti?"

"Sananene. Anthu ndi ambiri."

Abwana anakanda pachibwano. Sanali munthu woipa. Ankangoopa kutaya katundu kuposa mmene ankaopera china chilichonse.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanatani?"

Abwana anayang'ananso fomu yomwe anali atasaina, ngati akufuna kupezamo cholakwika choti chiwathandize.

"Oda iyi ili bwino," anatero potsiriza. "Koma desiki ino si mndandanda wokha. Pali ma invoisi, pali makoteshoni, ndipo masapulaya satilembera ndi maka. Nambala imodzi ikaphonyeka ndi galimoto yathunthu ya katundu wolakwika." Anapumira m'mwamba. "Mwezi ukatha, Make Nunu akhala pano. Inu mukathandize kukauntala, katundu mumamudziwa ndi manja omwe. Ndiuza anyamata akuikireni mpando. Mukachira maso tidzakambirana."

"Chabwino, abwana."

"Abwana," anatero Make Nunu, "ma invoisiwo ndikhoza kumawawerengera ine. Takhala tikutero."

"Mwakhala mukutero?"

Make Nunu anazindikira mochedwa kuti wawonjezera nkhuni pamoto. Abwana anamuyang'ana, n'kuyang'ana a Maoda, n'kutuluka ndi fomu yawo. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono, mosiyana ndi masiku onse.

Nunu anayamba kudandaula. A Maoda anamuyendetsa pabondo, akusamala ntchafu yobayidwa, mpaka anatonthola n'kuyamba kuyamwa chibakera chake.

"Unadziwa liti?" anafunsa.

"Kalekale. Pa chipewa chija."

"Chipewa chatani?"

"Chinayamba chabuluu, chinathera chakuda."

A Maoda anaseka mpaka anagwira pachifuwa. "Ndiye mwakhala mukumuveka mwamuna wanga chipewa cha mawangamawanga, osandiuza? Anthu oipa inu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Usaime ngati wagwidwa ukuba. Khala pansi. Ukanalemba tizilembo tako tija, bwenzi pano galimoto ikutsitsa mabulashi opentera tauni yonse, ine ndikulongedza zanga kupita kunyumba. Kukauntala si kumanda."

"Maondo anu, amayi."

"Akuti andipatsa mpando. Ndidzakhala ngati mfumukazi, ndizikalipira amisiri." Anamusisita Nunu pamutu. "Komabe ndimaganiza kuti ndifika nawo pa opaleshoni asanadziwe. Ndinatsala pang'ono."

Make Nunu anayang'ana tsamba la kalendala lija. Zilembo zake zinali zikuluzikulu kuposa mmene ankazikumbukira. Akanatha kulipinda n'kuliika m'dirowa, n'kuwaimbira foni Lamlungu kuti akalipeze mmenemo. Akanatha kupita kwawo. Nambala yawo anali nayo, njira ankaidziwa. Sanaganize zimenezo chifukwa Loweruka lija ankathamangira kuti mtima wake upepuke, ndipo unapepukadi.

A Maoda anawerama, mwana ali m'manja, n'kupisa m'basiketi ya mapepala. Chinali chizolowezi chawo: pepala lililonse loyera kuseri ankalidula tizidutswa tolembapo mauthenga a pafoni. Anatulutsa kapepala kamodzi, n'kukawongola pabondo.

"Aka n'kofunika? Ndikuona ngati kali ndi timizere pamwamba. Tandiwerengere ndisanakadule."

Make Nunu anakalandira. Amayi, takulandirani. Mndandanda wa mitengo wasintha. Kanali kakalata koyamba kaja.

"N'kotha ntchito, amayi."

"Ndiye bweretsa."

Anakapinda pakati, n'kukadula ndi rula, n'kupindanso, n'kudulanso. Tizidutswato anatisanja bwinobwino n'kutipanikiza ndi kachitsulo pafupi ndi foni, mbali yoyera ili pamwamba.

"Uzilembapo mauthenga. Pa desiki pano foni siimapuma. Ndipo K ija usaichotse, wamva? Ndikadzabwera ndi maso atsopano ndidzaifuna."

"Sindichotsa."

"Tsopano tenga mwana wakoyu, wandinyowetsa. Ndikaone mpando akundilonjezawo ngati uli ndi miyendo yonse."

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa desiki, maondo akulira. Anatenga kapilo kawo kophwatalala n'kukapanira m'khwapa, ngakhale mwezi unali usanathe. Pachitseko anapapasa kaye chogwirira asanachipeze.

Foni ya pa desiki inalira. Make Nunu anayang'ana kuchitseko, koma a Maoda anali atafika kale m'khonde, akufunsa a Sitoko ngati mabulashi otsala akwanira mpaka galimoto ibwere. Foni inapitiriza kulira. Anasamutsira Nunu kudzanja lamanzere, n'kukhala pampando wotsika uja, maondo ake n'kutsala pang'ono kugunda pachifuwa. Anali kalaliki wa sapulaya wa maloko, akufuna a Maoda kuti atsimikize oda.

"Atuluka pang'ono," anatero. "Ndiuzeni, ndiwalembera."

Anasolola kachidutswa kamodzi pa mulu uja. Mawu a kuseri ankaonekera pang'ono papepalapo, motembenuka. Analemba uthengawo pamwamba pake.